Kuchotsa bajeti ya ukwati m'mawu ojambulidwa pa foni, kuti zidziwike kuti ndani alipira chiyani

Msonkhano wa komiti ya ukwati wa msuweni wanga tinauchitira pa foni, Lamlungu madzulo anthu atabwera kutchalitchi, chifukwa abale anali obalalika. Ife tinali ku Chilenje kuno ku Lusaka, makolo a mkwatibwi ku Mtendere, amalume a mkwati ku Chipata, azakhali a mkwatibwi ku Katete, mlongo wa mkwati ku Joni. Tinalankhula ola limodzi ndi mphindi 12. Potseka, atcheyamani anati zonse zayenda bwino, chatsala n'chochepa, mwina K5,000 yokha. Aliyense anakondwa. Ine amene anandisankha kukhala mlembi nditakhala pansi ndi mawu amene tinajambula, ndinapeza kuti ndalama zopanda mwini zinali K21,500.

Palibe ananama. Pa foni anthu amalankhula mitengo, malonjezo ndi zofuna zawo mosakaniza, ndipo khutu limazimva zonse ngati ndalama zimene zapezeka kale. Ntchito ya mlembi ndi kuzilekanitsa. Ndifotokoza mmene ndinachitira, ndi ziwerengero za ukwati wathu womwewo. Mitengo yake ndi imene ife tinapatsidwa, ya kwanu idzakhala ina.

Musanayambe kumvetsera

Ngati msonkhano sunachitike, pali zinthu ziwiri zoti mukonze. Choyamba, uzani anthu poyambirira penipeni kuti mukujambula mawu, ndipo avomere mawu awo akumveka. Nkhani za ndalama za m'banja si zojambula mobisa, ndipo tsiku limene mudzanene kuti "amalume, munatero pa mphindi yakuti" iwo osadziwa kuti ankajambulidwa, mlandu udzakhala wanu. Chachiwiri, dziwani kuti WhatsApp ilibe pojambulira mawu a anthu akamaimbirana, ndipo m'mafoni ambiri chojambulira sikirini chimatenga zithunzi zokha, mawu a anzanu osalowa. Ife tinatsegula sipika ya foni imodzi, n'kuika foni ina pambali pake ikujambula, m'chipinda chotseka zitseko. Yesani kaye kwa mphindi imodzi n'kumvetsera. Amene amagwiritsa ntchito Zoom yaulere pa kompyuta atha kujambula momwemo, koma msonkhano umaduka pakatha mphindi 40, choncho mumakhala ndi mafayilo awiri ndipo polemba nthawi muzisonyeza kuti ndi loyamba kapena lachiwiri.

Mawu akajambulidwa, tumizani fayilo pamalo ena achiwiri tsiku lomwelo, koma osati pagulu la WhatsApp la komiti. Mafoni amabedwa mu minibasi. Kenako pezani kope, cholembera, zomvera za m'makutu ndi nthawi yokwanira. Msonkhano wa ola limodzi umadya maola atatu kapena kuposa. Ine ndinaugwira madzulo awiri.

Kumvetsera koyamba: lembani nthawi, osati bajeti

Musalembe zonse zimene anthu ananena. Theka la msonkhano ndi malonje, pemphero, "mukundimva?" ndi mkangano wa mtundu wa zitenje. Mvetserani kuyambira poyamba mpaka pomaliza osaimitsa kawirikawiri, ndipo paliponse pamene patchulidwa chinthu chogula, ndalama kapena munthu wolipira, lembani mphindi yake, amene walankhula ndi mawu awiri atatu okukumbutsani. Ngati foni yanu imalola kufulumizitsa mawu, pa malonje mutha kuthamanga.

Tsamba langa loyamba linkaoneka chonchi: 08:40 amalume, holo, 14:05 chakudya, anthu 150, 19:30 azakhali, 5 miliyoni, 23:10 keke, 38:00 keke kachiwiri, 47:30 anthu 200, 51:15 mkwati, dipoziti ya holo. Zinakwana mizere 31.

Chifukwa chosathamangira kulemba bajeti n'chakuti nkhani imodzi imabwera kangapo, ndipo zimene zinanenedwa poyamba zimagwetsedwa pambuyo pake popanda wina kulengeza kuti zasintha. Pa 14:05 tinagwirizana anthu 150, mbale imodzi K120, chakudya chonse K18,000. Pa 47:30 amayi a mkwatibwi anakumbutsa kuti a kwaya ndi amayi a chigwirizano sanawerengedwe, anthu ena anati "inde, inde", atcheyamani anati tiike 200, nkhani n'kupita kwina. Palibe anachulukitsanso. Anthu 200 pa K120 ndi K24,000. M'mitu ya anthu munatsala K18,000, ndipo K6,000 inalowa m'bajeti mwakachetechete. Mukalemba bajeti pa kumvetsera koyamba, mudzalemba 18,000 ndi inki.

Kumvetsera kwachiwiri: mawu ati ndi lonjezo

Apa ndi pamene pali ntchito. Bwererani pa mphindi iliyonse imene munalemba, yambirani pang'ono m'mbuyo mwake, ndipo lembani mawu enieni a munthuyo monga anawanenera, kaya Chinyanja, Chibemba kapena Chingelezi. Musawakonze. Kenako dzifunseni mafunso atatu: kodi wanena ndi mwini wake? Watchula chinthu kapena ndalama zodziwika? Pali wina amene wavomereza kuti zamveka? Ngati mayankho onse ndi inde, limenelo ndi lonjezo, ndipo dzina lake lilembedwe. Ngati limodzi likusowa, limenelo ndi funso loti mukafunse, ndipo lipite patsamba lina.

Lamulo limene sindilisiya ndi ili: dzina la munthu silikhala pafupi ndi ndalama ngati pakamwa pake sipanatuluke mawuwo. Pa 29:50 wina anati, "Zakumwa anyamata a kuchimuna adzaona." Anthu anaseka, wina anati "eya". Koma pa foni panalibe mnyamata ndi mmodzi yemwe amene anati ndi ine. Zakumwa za K4,500 ndinazilemba kuti zilibe mwini. Chimodzimodzi mawu onga "tidzaona", "Mulungu akalola", "musadandaule za zimenezo", "ndidzathandizako". Ndi mawu abwino, aulemu, koma simungapite nawo ku Kamwala kukagula kanthu. Munthu amene wati "ndidzathandizako pa chakudya" wanena zoona, koma sananene zingati, choncho iye ndi woimbiridwa foni, si wolembedwa.

Palinso kulonjezerana. Azakhali anati, "Mwana wanga wa ku Kitwe adzagula mpunga." Mwanayo sanali pa msonkhano. Ndinalemba patsamba la mafunso, ndipo nditamuimbira anati sanauzidwe n'komwe, mwezi umenewo ali ndi fizi ya ana. Ndikanaika dzina lake pagulu, akanaoneka ngati wathawa udindo umene sanausenze.

Tsopano za ziwerengero, chifukwa ku Lusaka kuno ndalama imodzi ili ndi mayina angapo. Chiyambire 2013 pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, akuluakulu ambiri amawerengabe mwakale. Azakhali atanena kuti "ine ndiikapo 5 miliyoni pa chakudya", ankatanthauza K5,000. Mnzake wa mkwati atanena kuti dijeyi ndi "3 pini" ndipo alipira iye, ankatanthauza K3,000, pomwe mawu omwewo pakamwa pa wogulitsa tomato ku Soweto angakhale K3. Nthawi zambiri nkhani yake imakuuzani, komabe lembani mawu enieniwo, pambali pake mulembe chiwerengero chonse ndi maziro ake, ndipo mudzachitsimikize kwa mwini wake. Ngati pa foni pali m'bale wa ku Mchinji kapena ku Lilongwe, funsani kuti kwacha imene akunena ndi ya kuti. Onse timati kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, ndipo lonjezo lomveka lalikulu limafika ku Lusaka litafota.

Mlongo wa mkwati analonjeza marandi 3,000 a chakudya. Ndinalemba monga marandi, ndipo sindinawaphatikize m'makwacha mpaka atafika. Mtengo wosinthira umayenda, otumiza ndalama amadulapo zawo, choncho chiwerengero chimene mungalembe lero sichidzafanana ndi chimene msungichuma adzalandire.

Pamene mawu sakumveka, chifukwa netiweki ya ku Katete inaduka kapena anthu atatu analankhulira pamodzi, mvetserani kawiri katatu. Zikakanika lembani kuti sizikumveka. Musaganizire. Makamaka anthu akamatchula manambala m'Chingelezi, 15 ndi 50 zimamveka ngati chimodzi pa sipika.

Misampha itatu imene ndinaipeza

Wa holo ndiwo unali wovuta. Pa 08:40 amalume a mkwati anati, "Holo mundisiyire ine." Mtengo wake unali utatchulidwa, K12,000. Lonjezo lomveka bwino, mwini wake wanena, anthu anaomba m'manja. Koma pa 51:15, pokamba za tsiku, mkwati ananena mongodutsa kuti analipira kale theka kuti tsikulo lisatengedwe ndi ena. Ndiye amalume apereka zingati? Mwina K12,000, mkwati n'kubwezeredwa yake. Mwina K6,000 yotsalayo. Mawu ojambulidwa sangayankhe, chifukwa funsolo silinafunsidwe. Anthu ambiri pa msonkhano anawerenga zonse ziwiri, K12,000 ya amalume ndi K6,000 ya mkwati, ngati kuti holo yabweretsa K18,000.

Wachiwiri ndi keke. Pa 23:10 mkulu wake wa mkwatibwi anati keke ya K2,500 ndi yake. Pa 38:00 ametironi, amene analowa mochedwa, anati iwonso agula keke, ndipo chifukwa cha ulemu palibe anawauza kuti yatengedwa kale. Keke imodzi, eni awiri, pamene zokongoletsa holo za K7,000 zinalibe ndi mmodzi yemwe. Zinthu zooneka ndi maso zimalimbiranidwa. Mipando, madzi oundana ndi mafuta a galimoto palibe amazifuna.

Wachitatu ndi kusakaniza miyambo. Ukwati wa kuno sukhala mwambo umodzi. Pali chilanga mulilo, pamene a kuchikazi amaphika zakudya n'kupita nazo kwa mkwati, pali khitchini pate, pali tsiku la ukwati lenilenilo, ndipo anthu amadumpha kuchoka pa china kupita pa china m'chiganizo chimodzi. Agogo atanena pa 42:20 kuti mbuzi ziwiri zidzachokera kumudzi, ambiri anamva kuti chakudya cha ukwati chapepuka. Nditabwerera m'mbuyo theka la mphindi, ndinamva kuti nkhani inali ya chilanga mulilo. Ndi chifukwa chake ndinati muziyambira m'mbuyo pang'ono. Mwambo uliwonse ukhale ndi tsamba lake. Za malowolo musaziike n'komwe pa bajeti ya komiti, ngakhale zitatchulidwa. Zimenezo ndi za ankhoswe ndi makolo.

Kanthu kena pa zopereka zimene si ndalama. Mbuzi, nkhuku kapena thumba la mpunga sizichepetsa bajeti pokhapokha wophika atavomera kutsitsa mtengo wa mbale chifukwa cha izo. Ngati mwagwirizana K120 pa mbale ndipo iye akubwera ndi zake zonse, nkhuku makumi awiri za m'bale wanu n'zowonjezera chabe, K24,000 ili pomwepo. Mufunseni wophikayo kaye, musanachotse ngwee ndi imodzi.

Kuika pa mndandanda

Mukufunika mindandanda iwiri, osati umodzi. Woyamba ndi wa zinthu: chinthu chilichonse mzere umodzi, ndi mtengo wake wonse. Wachiwiri ndi wa malonjezo: lonjezo lililonse mzere wake, ngakhale anthu anayi akulipira chinthu chimodzi. Anthu ambiri amalemba mndandanda umodzi n'kupanikiza mayina atatu m'bokosi limodzi, ndipo pakapita sabata sadziwanso kuti ndani anapereka zingati.

Pa mndandanda wa malonjezo ikani chinthu, wolipira, ndalama, mphindi ya m'mawu ojambulidwa, ngati watsimikiza, ndi tsiku limene adzapereke. Kope la masamu limakwanira. Ine ndinagwiritsa ntchito Google Sheets pa foni, Excel imachitanso chimodzimodzi. Tsamba lachiwiri ndinalitcha `Malonjezo`, chinthu chili m'danga A, ndalama m'danga C, kutsimikiza m'danga E. Patsamba la zinthu, dzina la chinthu lili mu A, mtengo mu B, ndipo mu C ndi mu D ndinalemba izi:

```
=SUMIFS(Malonjezo!C:C,Malonjezo!A:A,A2,Malonjezo!E:E,"inde")
=B2-C2
```

Mzere woyamba umasonkhanitsa ndalama za chinthu chimenecho, koma zokhazo zimene mwalembapo inde. Wachiwiri umaonetsa zoperewera. Mukaona ziro pamene mukudziwa kuti pali lonjezo, kawirikawiri vuto ndi limodzi mwa awiri: mwalemba K patsogolo pa nambala ndiye makina akuiona ngati mawu, kapena dzina la chinthu mwalilemba mosiyana, kwina "zakumwa" kwina "zokumwa". Lembani 5000 yokha, ndipo mayina azifanana chilembo ndi chilembo.

Mitengo nayo isiyanitseni. Pali mtengo umene wogulitsa wapereka, ndipo pali umene wina anangoponya pa foni. Jenereta inatchulidwa pa 1:02:00, wina atakumbutsa kuti magetsi akhoza kuzima pakati pa phwando, koma palibe ananena mtengo kapena wolipira. Tsiku lotsatira ndinafunsa ku holo, anati yobwereka pamodzi ndi mafuta ndi K1,500. Mtengo wongoganizira uikeni chizindikiro mpaka mutaupeza weniweni.

Mukatha, werengani mndandanda n'kudzifunsa kuti n'chiyani chimene sichinatchulidwe n'komwe. Mawu ojambulidwa amasunga zimene zinanenedwa zokha. Kwathu panalibe amene anakamba zolembetsa ukwati ku Civic Centre, kumene chidziwitso chimayenera kukhala masiku 21 ukwati usanamangidwe, kapena za ulendo wa abale ochokera kum'mawa ndi kumene adzagone akatsika ku Intercity. Izi musazilowetse m'bajeti mwa inu nokha. Zilembeni pansi pake kuti sizinakambidwe, komiti idzagamule.

Kutsimikiza, mmodzimmodzi

Musatumize mndandanda pagulu musanalankhule ndi aliyense payekha. Anzanu ndi achinyamata mutha kuwalembera uthenga. Akuluakulu aimbireni, ndipo ngati ndi a mbali inayo, pitirani kwa ankhoswe kapena atcheyamani. Mlembi wa kuchikazi sangaimbire amalume a mkwati kuwafunsa za ndalama ngati akulonjerera ngongole. Ine ndinapempha ankhoswe a kuchimuna kuti tiimbe tonse, ndipo titatha malonje ndinati:

"Amalume, pepani kukuvutitsani. Ndikulemba zimene tinakambirana Lamlungu, ndiye ndimafuna ndisalakwitse pa dzina lanu. Za holo zija, ndamva kuti alamu analipirako kale K6,000. Ndilembe kuti inu mumaliza yotsalayo, kapena munali ndi maganizo ena?"

Iwo anati, "Aa, mwanangu, sindinadziwe kuti walipira kale. Lemba yotsalayo. Ndidzatumiza mwezi ukatha, ndikagulitsa soya."

Onani kuti sindinatchule mphindi, sindinanene kuti ndili ndi umboni. Mphindi zija ndi zanu, zokuthandizani kupeza malo msanga. Funso liperekeni m'njira yoti munthu atha kutsitsa lonjezo lake popanda manyazi. Kuli bwino atsitse lero ali pa foni ndi inu, kusiyana n'kuti azime foni sabata ya ukwati. Ndipo musaiwale kufunsa tsiku. "Mwezi ukatha" ndinalisandutsa deti lenileni tili pa foni pomwepo, chifukwa a holo ankafuna ndalama yotsala masabata awiri ukwati usanachitike.

Ametironi nditawafotokozera kuti keke inali itatengedwa iwo asanalowe, anaseka, n'kunena kuti K2,500 yawo ipite ku zokongoletsa. Azakhali anatsimikiza K5,000. Makolo a mkwatibwi anatsimikiza K8,000 ya chakudya. Mkwati anavomera zithunzi ndi vidiyo, ndiponso diresi yobwereka. Za diresi mabanja amasiyana, kwina amagula a kuchikazi, choncho musalembe potsatira mwambo umene inu mukuudziwa. Lembani zimene anthu awa anagwirizana.

Zitatha izi, mndandanda unaima motere:

| Chinthu | Mtengo | Wolipira | Zoperewera |
|---|---|---|---|
| Holo | K12,000 | mkwati K6,000, walipira kale. Amalume a mkwati K6,000 | palibe |
| Chakudya, anthu 200 | K24,000 | makolo a mkwatibwi K8,000. Azakhali K5,000 | K11,000 |
| Zakumwa | K4,500 | palibe | K4,500 |
| Keke | K2,500 | mkulu wa mkwatibwi | palibe |
| Zokongoletsa | K7,000 | ametironi K2,500 | K4,500 |
| Zithunzi ndi vidiyo | K5,000 | mkwati | palibe |
| Dijeyi | K3,000 | mnzake wa mkwati | palibe |
| Diresi | K3,500 | mkwati | palibe |
| Jenereta | K1,500 | palibe | K1,500 |

Zonse pamodzi ndi K63,000. Zotsimikizika ndi K41,500. Zoperewera ndi K21,500, ndipo pansi pake ndinalemba kuti marandi 3,000 a mlongo wa mkwati akadzafika adzachotsedwa pa K11,000 ya chakudya.

Yesani masamu anu m'njira ziwiri. Phatikizani zoperewera za mzere uliwonse: 11,000 ndi 4,500 ndi 4,500 ndi 1,500 zikupereka 21,500. Kenako phatikizani malonjezo potsata anthu, osati zinthu: mkwati 14,500, amalume 6,000, mnzake wa mkwati 3,000, makolo a mkwatibwi 8,000, azakhali 5,000, mkulu wa mkwatibwi 2,500, ametironi 2,500. Zikwane 41,500. Ngati njira ziwirizi sizikukumana, pali lonjezo limene mwalilemba kawiri kapena mwalidumpha, ndipo mphindi zija zidzakuthandizani kulipeza.

Kuwerenga potsata anthu kumaulula zinanso. Ndi pamene ndinaona kuti mkwati yekha wasenza K14,500, osawerengera suti, mphete ndi za ankhoswe zimene sizili pa mndandanda uno. Ndinanong'oneza atcheyamani kuti pogawa zotsala asamuyang'anenso. Kugawa kwa mbali, kuchimuna K23,500 ndi kuchikazi K18,000, ndinakupereka kwa atcheyamani okha. Pagulu chiwerengero chotere chimayambitsa mpikisano wa mabanja, ndipo anthu amayamba kuwerengerana m'malo motseka dzenje.

Kutumiza pagulu ndi kusunga mndandanda wamoyo

Pagulu tumizani chithunzi kapena fayilo imene munthu sangasinthe, yolembedwa deti pamwamba. Zoperewera zikhale poyamba, chifukwa ndicho chifukwa chotumizira. Mayina a anthu amene sanatsimikize asaoneke. Ngati wina wapempha kuti chopereka chake chisalengezedwe, lembani "m'bale wa kuchikazi", dzina lidziwike kwa inu ndi msungichuma. Perekani masiku awiri kuti amene waona cholakwa akuuzeni kumbali. Mukasintha kanthu, tumizani watsopano ndi deti latsopano, ndipo nenani chimene chasintha m'chiganizo chimodzi, kuti pasakhale mindandanda itatu yoyenda m'mafoni a anthu.

Kuyambira pamenepo onjezani danga lina la ndalama zimene zafikadi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo K41,500 ija pa tsikulo inali pachala, kupatula K6,000 ya dipoziti. Ndalama zonse zizipita kwa msungichuma mmodzi, pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo mlembi alembe kuti zafika pokhapokha msungichuma ataona uthenga pa foni yake, osati chifukwa wotumiza wanena. Gwirizananinso kuti ndalama yodulidwa potapa ichokera kuti. Pa munthu mmodzi imaoneka yochepa, koma anthu akachuluka msungichuma amapezeka akuikapo za m'thumba mwake. Amene akulipira yekha kwa wogulitsa, monga mkulu wa mkwatibwi ndi keke yake, atumize chithunzi cha lisiti. Mphatso zimene anthu adzapereke pa tsiku la ukwati musaziwerengere kutseka dzenje, chifukwa wophika ndi wa zokongoletsa amafuna zawo tsikulo lisanafike.

Msonkhano wachiwiri tinauchita patatha sabata ziwiri, ndipo unatenga mphindi 35 zokha, popeza nkhani inali mizere inayi ija. Nthawi imeneyi ndinapempha atcheyamani kuti munthu akalonjeza, ine ndizibwereza mokweza dzina, chinthu, ndalama ndi tsiku, mwini wake n'kuyankha kuti inde. Anyamata a kuchimuna, atatu mwa iwo, anatenga zakumwa K1,500 aliyense, ndi mayina awo. Alendo anatsitsidwa kufika pa 180, chakudya n'kukhala K21,600. Mawu a msonkhano woyamba ndinawasunga mpaka msungichuma atawerengera komiti ndalama zonse ukwati utatha, kenako ndinawafufuta m'mafoni onse awiri atcheyamani akuona.